Amasowa, n'kubwera, n'kusowanso: mmene mungadziwire ngati akukusungani ngati sipeya

Mng'ono wanga wa kwa amayi aang'ono amagulitsa zovala za kaunjika mumsika wa Tsoka ku Lilongwe, ndipo amakhala ku Kawale. Tsiku lina kumayambiriro kwa Malichi anafika kwathu madzulo, anakhala pakhonde osavula nsapato, n'kundipatsa foni yake. Pa WhatsApp panali uthenga wochokera kwa mnyamata amene anali naye kwa chaka ndi miyezi ingapo: "Bebi ndakusowa, uli kuti?" Uthenga womaliza pamwamba pake unali wa iye mwini, wa masiku 16 m'mbuyomo, wosayankhidwa.

"Asisi, ndiyankhe chiyani? Aka n'kachitatu tsopano."

Vuto limeneli n'losiyana ndi kusiyidwa. Wosiyidwa amalira, kenako amadziwa pamene waima. N'losiyananso ndi kukhala MG2, chifukwa nthawi zambiri MG2 amadziwa kuti kuli MG1 kunyumba. Apa tikunena za munthu amene sakukufunani lero, koma sakufunanso kuti mupite. Akuyesa mwayi kwina, ndipo inu wakuikani kumbuyo ngati tayala la sipeya: amalipopa mwa apo ndi apo kuti lisaphwe, koma galimoto ikuyendera matayala ena. Amachita zimenezi amuna, amachitanso akazi. Ndifotokoza nkhani ya mng'ono wangayu chifukwa ndi imene ndinaiona ndi maso, koma mnyamata amene amakumbukiridwa pokhapokha bandulo ikatha aziwerenga ngati yake.

Musayambire pa mawu ake, yambirani pa kalendala

Munthu wotere salakwitsa polankhula. Mukamawerenga mauthenga ake limodzilimodzi, lililonse limakoma, ndipo chifukwa chilichonse chimene wapereka chimamveka. Ntchito inachuluka, foni inali kwa okonza, kumudzi kunagwa maliro. Zonsezi zimachitikadi. N'chifukwa chake kukangana naye pa tsiku limodzi sikuthandiza: adzakupambanani, ndipo inu mudzatsala mukupepesa. Chimene chimamuulula ndi miyezi ingapo mukaiika pamodzi.

Usiku umenewo tinatenga kope lakale la ngongole za makasitomala, n'kubwerera m'mbuyo pa WhatsApp ndi pa mndandanda wa mafoni kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, masabata 13. Pa nthawi iliyonse imene anaonana tinkalemba zinthu zitatu zokha: linali tsiku lanji ndi ola lanji, anapangana liti, ndiponso anakumana kuti. Pambali tinkalemba masiku amene mnyamatayo anakhala chete.

Anaonana kasanu ndi kawiri m'masabata 13. Mnyamatayo amagwira ntchito ku Kanengo koma amakhala ku Biwi, ndipo amene amadziwa Lilongwe akudziwa kuti Biwi ndi Kawale n'kufupi, kabaza sachedwa. Maulendo onse asanu ndi awiri anagwa pakati pa Lolemba ndi Lachinayi, dzuwa litalowa. Panalibe Loweruka ngakhale limodzi, panalibe Lamulungu. Palibe ulendo umene anapangana dzulo lake, wonse unkayamba ndi uthenga wa cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo wakuti "uli free?" kapena "ndikudutsa cha kwanuko". Malo ake anali kunyumba kwa mtsikanayo, kupatula kamodzi pamene anadyera tchipisi m'galimoto ya mnzake. Pa Khirisimasi anati ali kumudzi. Pa 14 Febuluwale foni inali yozima, ndipo uthenga wachikondi umene unafika ndi umene uja wa pakhonde, patapita masabata awiri ndi masiku awiri chimuyankhulireni komaliza.

Atayang'ana tsamba lija, mng'ono wanga sanafunenso kuti ndimuuze kanthu.

Loweruka ndi Lamulungu ndikuwatchula mobwereza pa chifukwa. Kuno kwathu Loweruka ndi tsiku la maukwati, zinkhoswe ndi mapwando, Lamulungu ndi la kutchalitchi ndi kuyendera abale. Ndi masiku amene anthu amaonedwa awiriawiri, azakhali n'kumafunsa kuti "kodi ameneyu ndi ndani?" Munthu ali ndi Loweruka limodzi pa sabata, ndipo sangaligawe pawiri. Mauthenga angatumize kwa anthu asanu pa mphindi imodzi, koma Loweruka masana amalipereka kwa amene ali patsogolo mumtima mwake. Ngati kwa miyezi itatu simunalandireko ngakhale limodzi, pali amene akulandira, kapena akulisungira amene akumufunafuna.

Kupangana mochedwa nakonso kuli ndi tanthauzo lake. Kuti munthu akuuzeni Lolemba kuti "Lachisanu tidzaonane", ndiye kuti watseka Lachisanulo kwa ena onse. Wosunga sipeya sangachite zimenezo, chifukwa akudikira kaye yankho la kwina. Kukakanika kumeneko, m'pamene foni yanu imalira 6 koloko.

Amabwerera nthawi yanji?

Chachiwiri chimene tinayang'ana m'kope muja ndi chimene chinkachitika atangotsala pang'ono kutulukira. Ulendo woyamba anakhala chete masiku 9, ndipo anabwera tsiku limene mtsikanayo anaika pa sitetasi chithunzi ali pa ukwati wa mnzake, ataima pafupi ndi mnyamata wina wa m'gulu loperekeza. Funso loyamba silinali "uli bwanji", linali "ameneyo ndi ndani?" Ulendo wachiwiri, masiku 12, anabwera mtsikanayo atatopa n'kusiya kulemba kwa sabata yathunthu. Wachitatu tinadzamva pambuyo pake kuti anali atayambana ndi mtsikana wina.

Choncho samalani ndi chimene chimamudzutsa. Wokukondani amadzutsidwa ndi mavuto anu: mwadwala malungo, katundu walandidwa, amayi agonekedwa m'chipatala. Wokusungani amadzutsidwa ndi zinthu ziwiri: akaona ngati mukuchoka, kapena kwinako zikamuvuta. Mng'ono wanga atadwala mu Januwale analandira "pepa bebi, umwe mankhwala" basi. Koma chithunzi cha pa ukwati chinabweretsa mafoni anayi usiku umodzi.

Akabwera amabwera ndi moto. Masiku atatu kapena anayi amaimba m'mawa ndi usiku, amakumbutsa za tsiku limene munakumana, amatchula ngakhale maina a ana amene mudzabereke. Mtima ukangokhala pansi, nayenso amazirala. Sanabwere kudzakhala, anabwera kudzaona ngati mukadalipo.

Anthu ambiri amadzida pamenepa, amati ndine wopusa, bwanji sindikutha kumusiya munthu amene akundizunza chonchi. Si uchitsiru. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa za khalidwe wa ku America, B. F. Skinner, ankayesa nkhunda zimene zinkajompha kabatani kuti zipeze chakudya. Nkhunda imene inkalandira chakudya nthawi iliyonse ikajompha inkasiya msanga chakudya chikaleka kubwera. Koma imene inkalandira mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti ndi liti, inkapitiriza kujompha nthawi yaitali ngakhale chakudya chitasiyiratu. Ndi mmenenso kubetcha mpira kumagwirira anthu: kuwina kamodzi kumakulipiritsa maulendo makumi awiri oluza. Chikondi chobwera mosayembekezeka chimamanga munthu kuposa chobwera tsiku ndi tsiku. Mukadziwa zimenezi mudzasiya kutenga kugunda kwa mtima wanu ngati umboni wakuti iyeyo ndi wanu.

Ndipo foni yapeputsa ntchito yosunga anthu. Kale kuti mnyamata asunge mtsikana ankayenera kupalasa njinga, kulemba kalata, kuonedwa ndi anthu a m'mudzi. Lero kamtima kamodzi pa sitetasi n'kokwanira kuti munthu akhale ndi chiyembekezo sabata ina. Mu 2014 ofufuza awiri a ku America, Jayson Dibble ndi Michelle Drouin, anafunsa ophunzira a ku koleji za anthu amene amawasunga m'maganizo kuti mwina adzakhale nawo m'tsogolo, ndipo anapeza kuti ngakhale amene anali kale pachibwenzi anali nawo anthu otere, n'kumalankhula nawo kudzera pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti. Choncho uthenga paokha musauwerengere ngati khama. Sumutayitsa kanthu.

Malonjezo opanda tsiku, ndi dzina limene amakutchulani pagulu

Pali mawu amene amamveka ngati ulemu koma ndi chingwe. Mnyamata uja ankakonda kunena kuti, "Iwe ndiwe mkazi womanga naye banja, enawa n'zachibwana chabe." Mng'ono wanga ankawasunga mawu amenewa ngati chikole. Koma tamvetserani bwino zimene akunena. Akuvomera kuti ena alipo. Akunena kuti nthawi yake ya lero ndi ya iwowo, ndipo inu mudikire mpaka atatopa. Kwa anyamata mawu ake amakhala akuti "ndiwe munthu wabwino kwambiri, sindikufuna kukutaya, koma panopa sindinakonzeke". Sanakonzeke kukhala nanu, koma wakonzeka kuti musakhale ndi wina.

Enanso ndi awa: "ndikhazikike kaye", "tiyeni tione mmene ziyendere", "chaka chino zitheka". Kuyesa kwake n'kosavuta: kodi lonjezolo lili ndi tsiku, kapena chinthu chooneka chimene chikachitika mudzadziwa kuti nthawi yakwana? "Ndikamaliza kulipira fizi ya mng'ono wanga mu Julayi, tikaonekere kwa amalume" ndi lonjezo, chifukwa Julayi adzafika ndipo mudzaona. "Ndikakhazikika" alibe mwezi. Munthu akhoza kukhala asanakhazikike mpaka imvi.

Nkhani ya ndalama imabisa zambiri pamenepa, ndiye tiisiyanitse. Chinkhoswe ndi ukwati zimafuna ndalama, n'zoona, ndipo mnyamata wa malipiro ochepa akati sangakwanitse chaka chino sakunama. Koma kudziwika sikufuna ndalama. Kukuonetsani kwa mlongo wake, kwa msuweni amene amakhala naye, kwa mnzake wapamtima, kumangofuna thiransipoti ya minibasi. Pa mwambo wathu banja limayamba ndi kudziwitsa abale, amalume n'kudzapeza ankhoswe. Munthu amene akukuganizirani za banja amayamba kutchula dzina lanu kwa abale ake kusanafike n'komwe zimenezo. Patatha chaka ndi miyezi, mng'ono wanga ankadziwa mnzake mmodzi yekha wa mnyamatayo, yemwe uja wa galimoto, amene ankamutchula kuti "alamu" akakhala atatu, koma atakumana naye ku banki ali ndi anthu ena anangomugwedezera mutu. Ndipo tsiku lina atakumana mwangozi ndi azakhali a mnyamatayo m'tauni, anamuonetsa kuti, "Awa ndi amene amandigulitsa malaya ku Tsoka."

Pamenepo ndi pamene ine mtima unandipweteka kwambiri. Munthu amene usiku amatchula maina a ana anu, masana n'kukusandutsa wogulitsa malaya.

Zimene zimafanana ndi vutoli koma si ilo

Ndisakupangitseni kuthetsa chibwenzi chabwino. Pali zinthu zimene anthu amathamangira kuzitenga ngati umboni pamene si umboni.

Kukhala ndi manambala awiri si chizindikiro. Ambirife tili ndi Airtel ndi TNM chifukwa cha netiweki ndi mitengo ya mabandulo. Kuzimitsa "Read receipts" kuti timizere tisasanduke tabuluu, kapena kubisa "Last seen", ena amachita pothawa angongole ndi mabwana. Kusakuikani pa sitetasi nakonso paokha sikunena kanthu, ndipo kukuikani sikutsimikiza kanthu, chifukwa pa WhatsApp munthu akhoza kusankha "Only share with" n'kuonetsa chithunzi chanu kwa inu nokha, kapena "My contacts except" n'kubisira amene akufuna. Zapafoni zimapusitsa mbali zonse ziwiri.

Ntchito zinanso zimadyadi Loweruka ndi usiku. Namwino wa mashifiti, mlonda, wapolisi, dalaivala wa thiraki wopita ku Beira kapena ku Dar es Salaam, munthu amene ali ku Joni. Enanso amachokera m'mabanja kapena m'mipingo yokhwimitsa zinthu, moti amaopa kuonetsa chibwenzi msanga.

Kusiyana kwake kuli apa. Wotanganidwa zenizeni amakuuzani ndandanda yake zisanachitike: "sabata ino ndili naiti, ndidzapuma Lachiwiri." Akalephera tsiku limene munapangana, amatchula lina iye mwini, osadikira kuti mumufunse. Tsiku lake lopuma, kaya ndi Lachiwiri, limakhala Loweruka lanu, ndipo mumaonana masana, poyera. Wa ku Joni amene ali ndi cholinga amakulumikizani ndi mlongo wake kapena amayi ake kuno kumudzi, ndipo amaimba pa vidiyo ali m'chipinda chimene amagona, osati panja nthawi zonse. Woopa makolo amakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri a m'banja amene akudziwa. Mwachidule, wovutika ndi nthawi amakulowetsani m'moyo wake kudzera pa khomo laling'ono limene ali nalo. Wokusungani amakhala ndi makomo ambiri, koma onse ndi otseka kwa inu, ndipo zifukwa zake mumazimva pambuyo, mutafunsa.

Kuyesa: pempho limodzi lokhala ndi tsiku

Kope likakuonetsani zimene linationetsa ife, musathamangire kukalipa. Muyeseni kamodzi, mwachilungamo, ndi pempho limene munthu wokukondani sangavutike nalo. Likhale ndi zinthu zinayi: tsiku lenileni la masabata awiri kutsogolo, nthawi ya masana, anthu ena amene adzakuoneni limodzi, ndiponso lisafune ndalama zambiri, kuti asapeze pothawira. Musaliike ngati msampha kapena chiopsezo. Ndi pempho wamba.

Mng'ono wanga anayankha uthenga uja mawa lake. Analemba kuti ali bwino, ndipo anawonjezera kuti Loweruka la sabata yotsatira asisi ake, ndiye ineyo, akumuitana kudzadya nsima masana, afike 12 koloko. Sitinamuitanire kwa amalume, sitinatchule za chinkhoswe. Nsima ya masana kwa mchemwali wake basi.

Mayankho a pempho lotere amagwa m'magulu ochepa. Akavomera n'kubwera, ndiye kuti mwina vuto linali lina, ndipo mukhoza kukambirana za masiku amene amasowa muli ndi poyambira. Akati tsikulo sangathe koma n'kutchula lina lapafupi, n'kulisunga, chimodzimodzi. Koma akati "tiona", "ndikuuza", kapena akavomera ndi chimwemwe chachikulu kenako n'kusowa Lachisanu usiku, mwapeza yankho. Palinso amene amakwiya: "bwanji ukundipanikiza?", "wayamba kumvera anthu eti?" Mkwiyo umenewo ntchito yake ndi kukuchititsani manyazi kuti musadzafunsenso. Kuitanira munthu nsima patatha chaka si kupanikiza.

Wathuyu anavomera msangamsanga, anafunsanso kuti abweretse chakumwa chanji. Lachisanu madzulo anati abwana amuuza kuti mawa alowe ntchito. Sanatchule tsiku lina. Loweruka lomwelo tinadya nkhuku yathu tokha. Kulephera kamodzi kukhoza kukhala koona, n'chifukwa chake mtsikanayo anamupatsa mpata wachiwiri, koma mosiyana: anangoti, "Chabwino, undiuze Loweruka limene ungathe mwezi uno." Mpira unali kwa iye. Malichi anatha.

Ena amalangiza kuti mungokhala chete muone ngati akufunani. Njira imeneyi payokha imasokeretsa, chifukwa taona kale kuti kukhala chete kwanu ndi kumene kumamudzutsa. Adzabwera ndithu, ndipo inu mudzayesa kuti mwapambana. Musayese ngati abwera. Yesani chimene abwera nacho.

Chotsatira ndi kufunsa maso ndi maso, masana, pamalo pamene pali anthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musafunse kuti "umandikonda?", chifukwa yankho lake ndi "kwambiri", ndipo mwina sakunama n'komwe, munthu amatha kukonda sipeya yake. Funsani zimene zili ndi inde kapena ayi: "Pali wina amene ukuonana naye?" "Kwanu akundidziwa ndani, ndipo akundidziwa ngati ndani?" Kenako nenani zimene inu mukufuna ndi nthawi imene mungadikire, kamodzi kokha, mosakuwa. Mng'ono wanga atafunsa, mnyamatayo sanakane ndipo sanavomere. Anati zinthu ndi zovuta kufotokoza, pali zina zimene akufuna amalize kaye, amupatse nthawi. Funso la inde kapena ayi likayankhidwa ndi ndime yathunthu, yankho lake ndi inde.

Zimene zimaonjezera vuto

Kufufuza m'foni mwake akusamba kumaoneka ngati njira yachidule, koma sikuthetsa kanthu. Mukapanda kupeza kanthu simukhulupirira, chifukwa mukudziwa kuti pali "Chat lock" ndi mauthenga ozimiririka okha. Mukapeza, nkhani imatembenuka n'kukhala ya inu amene mwagwira foni ya eni. Umboni umene mukufunika uli kale m'foni mwanu ndi m'kope lanu.

Kulimbana ndi mkazi kapena mwamuna winayo ndi kutaya ulemu wanu pachabe. Mwina nayenso sakudziwa kuti mulipo, ndipo amene anakulonjezani si iyeyo. Kumuchititsa nsanje ndi munthu wina kumabweretsa masiku atatu amoto aja, kenako zimabwerera pomwe zinali, ndipo mwayamba kuchitira munthu wosalakwa zomwe zikukupwetekani inuyo.

Ziwiri izi ndiye ndikuchondererani. Musatenge mimba poganiza kuti imukhazika pansi. Mwana samusintha munthu kukhala wosankha inu, amangokumangirirani kwa iye zaka zambiri. Ndipo imitsani ndalama. Sipeya nthawi zambiri imakhalanso banki: "nditumizireko pa Mpamba ndibweza pa 30", yunitsi, lendi yoperewera, fizi ya kukoleji imene anyamata ena amalipirira mtsikana mpaka tsiku la digiri n'kukapeza kuti pa chithunzi paima wina. M'kope lomwe lija tinawerengera zimene mng'ono wanga anatumiza pa Airtel Money m'miyezi itatu, ndipo zinakwana ndalama yogulira belo laling'ono la malaya. Palibe imene inabwezedwa. Kusiya kutumiza ndi mayeso enanso paokha: ena amazimiririka pomwepo.

Za thupi lanu

Ngati mumagonana, iyi si nkhani ya mtima wokha. Munthu amene ali ndi zibwenzi zingapo nthawi imodzi amakulumikizani ndi anthu amene simukuwadziwa. Kachilombo ka HIV kamakhala kochuluka kwambiri m'magazi masabata oyambirira munthu akangokatenga, nthawi imene iye mwini sakudziwa kanthu, ndipo n'chifukwa chake zibwenzi zoyendera limodzi zimafalitsa kachilomboka msanga. Pitani kukayezetsa, ndipo mukabwererenso pa tsiku limene achipatala akuuzeni, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka nthawi yomweyo. Ngati mwagonana mosadziteteza ndipo mukukayika, pali mankhwala a PEP amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Ngati mukuona kuti simunathe kumusiya panopa, gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse ndipo funsani za PrEP kuchipatala. Mukaona zilonda, kuyabwa kapena zotuluka zachilendo, musadikire. Mng'ono wanga ndinamuperekeza ndekha Lolemba lotsatira, ndipo tinabwererako kachiwiri pa tsiku limene anatipatsa.

Akadzabweranso

Adzabwera, chifukwa vutoli ndi lobwereza mwachibadwa chake. Mukamuuza kuti zatha, yembekezerani moto woposa wakale: mafoni usiku, kulira, mwina ngakhale mawu akuti "ndakonzeka tsopano, ndikaonekere liti?" Apa ndi pamene ambiri amagwera, n'kuyambiranso chaka china.

Anthu amasintha, sindikukana. Koma kusintha kumaoneka pa zinthu zomwe zija zimene tinalemba m'kope, osati pa kuchuluka kwa misozi. Kodi wanena poyera kuti panali wina ndipo zatha? Kodi watchula tsiku iye mwini, n'kufika? Kodi mwakumana ndi m'bale wake amene wakupatsani moni akudziwa kuti ndinu ndani? Ndipo kodi zimenezi zapitirira miyezi iwiri kapena itatu, kudutsa masiku anayi aja amene moto wake umazimira? Zisanachitike zimenezi, musabwezere chilichonse chimene munachotsa: kugona kwanu, ndalama, kapena madzulo anu a Lachiwiri.

Ngati mwasankha kutseka, tsekani ndi pa sitetasi pomwe. Kumusiya kuti azionabe zithunzi zanu, inu n'kumayang'ana ngati waona, ndi kukhalabe pa sipeya mwa njira ina. Uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, kuti tsiku limene mtima wafooka mukhale ndi woimbira m'malo moyankha. Ndipo ngati munthuyo ayamba kukuopsezani, kukutsatirani kumsika kapena kunena kuti afalitsa zithunzi zanu, sungani mauthengawo ndipo kanenani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene imapezeka m'mapolisi athu.

Mng'ono wanga anamulembera kumayambiriro kwa Epulo, mizere itatu: kuti anafunsa funso ndipo sanayankhidwe, kuti sadikiranso, ndipo kuti asamuimbire. Anamutseka pa nambala zonse ziwiri. Chakumapeto kwa Meyi, Lachitatu cha m'ma 6 koloko madzulo, uthenga unalowa kuchokera pa nambala yachilendo: "Mayi akunyumba, mwandiiwala? Ndikudutsa cha ku Kawale." Anandiimbira mawu akunjenjemera, ndipo tinacheza mpaka mtima unatsika. Kenako anatsegula kope lija, anayang'ana tsiku ndi ola, n'kuona kuti zikugwera ndendende pa mzere wa maulendo asanu ndi awiri aja. Anaitseka nambalayo osayankha, n'kupitiriza kusita malaya a kumsika a mawa lake.